Kalata yopempha kupereka chakudya kusukulu

“Ndimaphikira maukwati, koma ndikufuna kulembera sukulu yogonera konko kuti ndizipereka chakudya tsiku lililonse. Ndilembemo zotani?”

Mayi, kalatayo mulembere mphunzitsi wamkulu, ndipo mutchule mtengo wa mbale imodzi, osati wa mwezi wonse, chifukwa chiwerengero cha ophunzira chimasintha teremu iliyonse. Fotokozani zimene zili m'mbalemo, monga nsima, nyemba ndi masamba, komanso masiku amene padzakhale nyama kapena usipa.

Chimene ambiri amaiwala ndi mtengo wa chimanga, umene umakwera kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi. Choncho lembani kuti mtengo udzaunikidwanso poyamba pa teremu iliyonse, apo ayi mudzaphika moluza m'miyezi ya njala. Pemphaninso kuti azikulipirani pakatha milungu iwiri iliyonse, popeza sukulu zambiri zimadikira fizi.