Musanawerengere avareji, tayambani mwayang'ana manambalawo

"Andipatsa fayilo ya Excel ya ana amene tinawayeza m'midzi, ndipo abwana akufuna zotsatira Lachisanu. Kodi ndiyambe ndafufuza zolakwika, kapena ndingoyamba kuwerengera? Nthawi yandithera."

Achemwali, kalata yanu yandikumbutsa tsiku limene sindifuna kulikumbuka. Ndinali kugwira ntchito ku bungwe lina, ndipo tinayeza ana 200 a miyezi 6 mpaka 59: kulemera, msinkhu, ndi kukula kwa mkono pogwiritsa ntchito kalamba kaja ka mitundu itatu. Lamulo lake ndi lodziwika: mkono ukachepera mamilimita 115, mwanayo ndi wonyentchera kwambiri. Ndinauza kompyuta kuti iwerenge onse ochepera 115, ndipo inandipatsa 34. Ndiye kuti ana 17 pa 100 alionse. Mtima unandipweteka, ndinalemba lipoti usiku womwewo, m'mawa ndinatumiza.

Amene anandiimitsa ndi namwino wina wachikulire. Anati, "Mwanawe, midzi imeneyi ndimaidziwa. Ana amenewa akanakhalapo, bwenzi atadzaza wodi yanga." Nditabwerera ku fayilo n'kusanja kolamu ya mkono kuyambira nambala yaing'ono, ndinapeza 13.8, 14.2, 15.1 zili pamwamba. Gulu limodzi la oyeza linalemba m'masentimita pamene ena onse analemba m'mamilimita. Ana 30 athanzi, a mkono wa 138 kapena 142, kompyuta inawaika pakati pa odwala chifukwa 13.8 ndi wochepadi kuposa 115. Onyentchera enieni anali 4 okha, ndipo mayina awo anamira pakati pa anzawo 30 amene sankafunika chiponde. Chimenechi ndicho chimandiwawa mpaka lero.

N'chifukwa chake sindivomereza mawu akuti kufufuza kumadya nthawi. Kusanja kolamu imodzi sikutha ndi mphindi yomwe. Nambala zosatheka zimabisala kumapeto, pamwamba kapena pansi. Pansi mpamene mudzapeze 999, imene olemba ambiri amaika kutanthauza kuti mwana sanayezedwe. Mukaisiya, mwana mmodzi wa makilogalamu 999 akweza avareji ya ana 200 ndi makilogalamu pafupifupi asanu.

Ndipo madeti! Ife timalemba tsiku poyamba, kenako mwezi, koma makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa Chimereka. Mukatsekula fayilo ya CSV pa kompyuta yotere, `03/04/2023` amasanduka 4 Malichi m'malo mwa 3 Epulo, pamene `25/04/2023` amangokhala ngati mawu wamba, poti kulibe mwezi wa 25. Mudzazindikira poona kuti madeti ena atsamira kumanja, ena kumanzere. Oopsa ndi akumanjawo, chifukwa amaoneka abwinobwino koma atembenuzidwa, ndipo zaka za mwana zasokonekera. Zoterezi zimachitikanso ndi mayina a malo: Nkhata Bay, Nkhatabay ndi NB ndi boma limodzi kwa inu, koma kwa kompyuta ndi maboma atatu.

Zimene sizigwidwa ndi kusanja

Pali cholakwika china chimene nambala iliyonse payokha imaoneka yoona. Miyezi 8 ndi yotheka. Masentimita 102 ndi othekanso. Koma mwana wa miyezi 8 wotalika masentimita 102 kulibe; mwina ndi wa miyezi 48 ndipo 4 anasiyidwa polemba. Apa muyenera kuyang'ana makolamu awiri pamodzi. Bungwe la WHO linaika malire ake: msinkhu poyerekeza ndi zaka ukapitirira −6 kapena +6 pa sikelo yawo, mzerewo umakayikiridwa. Koma ngakhale musanafike pamenepo, dzifunseni: kodi tsiku lobadwa lili m'mbuyo mwa tsiku loyeza? Kodi nambala ya mwana mmodzi yalembedwa kawiri?

Chimene ndimakana ndi mtima wonse ndi kufufuta mzere chifukwa waoneka wachilendo. Mkono wa 98 ndi wachilendo, koma akhoza kukhala mwana weniweni amene akufunika chipatala lero. Ikani chizindikiro, pitani ku fomu yapepala kapena imbirani amene anayeza. Mukakonza, lembani pena mzere wake, nambala yakale, yatsopano ndi chifukwa chake.

Tsono za Lachisanu. Koperani fayilo, yoyambayo musaikhudze. Sanjani kolamu iliyonse ya manambala. Kenako yesani izi, poganiza kuti mkono uli mu F, tsiku lobadwa mu C, loyeza mu D:

```
=COUNTIF(F2:F201,"<60")
=ISNUMBER(C2)
=AND(ISNUMBER(C2),ISNUMBER(D2),C2>D2)
```

Yoyamba igwira masentimita (60 ndi malire anga, sankhani anu), yachiwiri ikati `FALSE` ndiye kuti detilo ndi mawu, yachitatu ikati `TRUE` ndiye kuti mwana wayezedwa asanabadwe. Abwana auzeni lero lomwe kuti ndi mizere ingati imene ikudikira kutsimikizidwa ndi mafomu apepala.