Wapakamwa pokoma mumuyeze ndi zimene sachitira ena

"Kuntchito kwathu kuli mnyamata wina wapakamwa pokoma. Akandiona amati 'akazi anga mwadzuka bwanji,' amandiyamikira tsitsi, nthawi zina amanditumizira mameseji usiku. Koma ndaona kuti amateronso ndi atsikana ena onse, ngakhale amayi otisesera mu ofesi. Vuto ndi lakuti ine ndayamba kumukonda. Ndidziwa bwanji ngati kwa iye ndine wapadera?"

Achemwali, yambani ndi kuchotsa pa sikelo chilichonse chimene munamuonapo akuchitira munthu wina. Mawu akuti akazi anga achokepo, zoyamikira tsitsi zichokepo, kukuyang'anani m'maso nthawi yaitali kuja kuchokeponso. Mwamuna wamanyazi akanena kamodzi kuti mwatchena, ndiye kuti wakhala akudzilimbitsa mtima kwa masiku, ndipo mawu akewo ndi olemera. Koma kwa uyu mawu otere ndi moni chabe. Ali ngati wogulitsa tomato pamsika amene amati "mtengo uwu ndi wa inu nokha madamu," inu mukangochoka n'kuuzanso wotsatira chimodzimodzi. Sikuti ndi woipa ayi. Ife tinakulira m'nthabwala zotere: asuweni amaitanana kuti mkazi wanga, amuna anga, wina ndi mlamu wake amagemulana pamaso pa akuluakulu popanda wodabwa. Anthu ena anangotenga chizolowezi chimenechi n'kumayenda nacho paliponse.

Mukachotsa zonsezo, onani chimene chatsala. Pa munthu wotere, chizindikiro ndi zinthu zimene zimamudyera nthawi, zimamuvutitsa, kapena zingamuchititse manyazi. Zimenezi sangazigawire anthu khumi chifukwa tsiku limodzi silikwanira.

Ndikupatseni nkhani ya mng'ono wa mnzanga, yemwe ankaimba kwaya ndi mnyamata woliza kiyibodi wa khalidwe lomweli. Pokonzekera nyimbo aliyense anali wokondedwa wake, mpaka amayi a mvano ankaseka akawauza kuti akanabadwa kale akanawakwatira. Mtsikanayu anasiya kumvetsera zimene mnyamatayo ankanena pagulu n'kuyamba kuona zochitika gulu likabalalika. Tsiku lina anatchula mongodutsa kuti mayi ake akupita kuchipatala Lachinayi kukayezetsa maso. Sanabwerezenso. Lachinayi madzulo foni inalira: "Amayi aja ayenda bwanji? Awauza chiyani?" Panalibe nthabwala iliyonse. Chinanso chimene anaona n'chakuti akatsala awiri, mnyamata wolongolola uja ankasowa chonena, n'kumakamba za fizi ya mng'ono wake ndi bizinesi ya nkhuku imene inamugwera. Wokopa aliyense amaonetsa anthu mbali yake yowala yokha. Akayamba kukuonetsani pamene pakumupweteka, ndiye kuti mwalowa malo amene ena aja sanafikeko. Kenako anamuitana kwa mlongo wake Lamlungu masana, ndipo mlongoyo pomulonjera anali akudziwa kale dzina lake ndi kumene amagwira ntchito.

Taonani kuti m'nkhaniyi mulibe mawu okoma ngakhale amodzi amene anathandiza mtsikanayo kudziwa. Anadziwira pa kukumbukira, pa kusintha kwa kayankhulidwe, ndi pa kutulukira naye poyera masana.

Mameseji a usiku amene mwatchulawo ndi amene andidetsa nkhawa kuposa za akazi angazo. Tsegulani foni muwawerengenso mwachifatse. Kodi meseji imeneyo ikanatumizidwa kwa mtsikana wina osasintha liwu, ikanamvekabe bwino? "Wagona kale kodi?" kapena "Ndimakuganizira" ndi mawu oti munthu akhoza kutumizira asanu pa mphindi imodzi, n'kumadikira woyamba kuyankha. Koma "Ripoti lija abwana alilandira?" ndi la inu nokha. Onaninso nthawi. Ngati amakukumbukirani ikakwana 10 koloko usiku basi, koma Loweruka masana foni yake ili zii, ndiye kuti ndinu womuchotsa kusungulumwa. Ndipo akati "tidzapite kukadya tsiku lina," funsani kuti liti. Wofunadi amatchula tsiku, malo ndi nthawi, ndipo zikalephereka ndi iye amene amapereka tsiku lina. Wongocheza amati tiona, ndipo tiona ameneyo amatha miyezi.

Pali kayeso kamodzi kosavuta. Kwa masabata awiri musayambe ndinu: musalembe meseji poyamba, musadutse dala pa desiki yake, ndipo akaponya nthabwala zachikondi mungomwetulira pang'ono n'kupitiriza ntchito. Osakwiya, osanyanyala, moni muzipatsana monga mwa masiku onse. Ngati ndinu mmodzi mwa omvera ake basi, sazindikira n'komwe, chifukwa wina aseka m'malo mwanu. Ngati ndinu wapadera, abwera payekha, mwina mwamanyazi, kudzafunsa ngati wakulakwirani.

Koma apa samalani, chifukwa kayesoka kali ndi malire. Alipo ena amene sakonda munthu koma amakonda kukondedwa. Mukabwerera m'mbuyo amakuthamangirani ndi mphamvu, mayunitsi, tchipisi cha nkhomaliro, mafoni kawirikawiri, ndiye mukangofewanso iwo n'kuzizira. Chimene akufuna n'chakuti pasapezeke wothawa m'khola mwawo. Mudzamudziwa chifukwa kutentha kwake kumabwera pokhapokha mwatalikira, kapena akaona mwamuna wina akukuyankhulani. Wotereyu amakondanso mawu akuti "iwe ndiwe wosiyana ndi enawa," n'kumanyoza atsikana omwe amawasekerera masana. Ine ndikamva mwamuna akunyoza ena pofuna kundikweza, ndimadziwa kuti kwa enawo akunyoza ine. Akawonjezera kuti "zathuzi asadziwe aliyense," ndiye kuti pali wina amene sakufuna kuti amve. Kubisira abwana kuntchito n'komveka, koma kubisira mlongo wake, anzake apamtima ndi a kutchalitchi kwake ndi nkhani ina. Musanapite patali, fufuzani mwakachetechete ngati alibe mkazi kumudzi kapena chibwenzi chimene anakaonekera nacho kale kwa malume. Kwathu kuno zotere sizibisika, pamapezeka wina wodziwa kwawo.

Tinene kuti zonse zayenda bwino ndipo mwapeza kuti amakukondanidi. Pakamwapo sipasintha chifukwa cha inu. Pa chinkhoswe chanu chomwe adzagemula anzanu okuperekezani. Mnyamata wa kiyibodi uja mpaka lero amaitanabe amayi a mvano kuti akazi anga, ndipo mkazi wake amaseka nawo chifukwa amadziwa pamene nthabwalazo zimathera: sizifika m'foni usiku, sizifika pogwirana. Ngati inu mtima umakusupukani nthawi iliyonse akayamikira wina, dzifunseni panopa ngati mungapirire zaka.

Masabata awiri aja akatha, ngati waonetsa zizindikiro, mufunseni maso ndi maso, masana, kunja kwa ofesi, osati pa WhatsApp pamene angapeze nthawi yokonza yankho. Simukumufunsira ayi, mukungofunsa: "Umacheza chonchi ndi aliyense, ndiye ine ndimasokonezeka. Kwa ine ukutanthauza kanthu, kapena ndi nthabwala basi?" Mukatero khalani chete, musamuthandize kuyankha. Akaseka n'kunena kuti "aaa, akazi anga mwayamba nsanje," wakuyankhani kuti ndi nthabwala, ndipo popeza mumagwira ntchito limodzi, muthokoze kuti mwadziwa nkhani isanafike m'makutu mwa ofesi yonse. Akakhala phee, n'kuyamba kusakasaka mawu, mpatseni mpata amalize, kenako mufunseni kuti kwawo akudziwa ndani za inu.