Mavoti 23 kwa 17: kodi lebulo yoyera yapambanadi?

"Zikomo achimwene. Ndimapanga chiponde kuno ku Kasungu, ndimasiya m'magolosale atatu. Ndajambulitsa malebulo awiri, imodzi yoyera ya malemba okhaokha, inayo yachikasu yokhala ndi chithunzi cha mtedza. Nditaika m'gulu lathu la pa WhatsApp kuti anthu asankhe, yoyera yapeza mavoti 23, yachikasu 17. Osindikiza akuti ndiyambire pa malebulo 1,000. Ndingopita nayo yoyerayo?"

Ndalamayo igwireni kaye, achemwali. Kufunsa anthu musanalipire mwachita bwino, koma zomwe mwapezazo sizinakuuzeni kanthu.

Tiyambe ndi manambalawo. Tengani ndalama yachitsulo muiponye m'mwamba ka 40, muziwerenga mbali yomwe yagwera. Simudzapeza 20 kwa 20 nthawi zonse. Masewerowa mutawabwereza kakhumi, pafupifupi kanayi mudzapeza mbali imodzi itatsogola ndi 23 kwa 17 kapena kuposa apo, chonsecho ndalamayo ilibe mbali yomwe imakonda. Ndiye kuti mpata wa mavoti asanu ndi limodzi pa anthu 40 ungabwere mwamwayi chabe. Anthu atatu okha akanadina mbali ina, bwenzi malebulowo atafanana mphamvu. Pa anthu 40, ine ndimayamba kutchera khutu zikafika cha pa 27 kwa 13. Pa anthu 100, cha pa 60 kwa 40.

Komatu ngakhale zikanakhala 35 kwa 5, ndikanafunsabe kuti avotawo ndi ndani. Mwati gulu "lathu". Ngati ndi la kumpingo, la banki m'khonde kapena la pachibale, ambiri mmenemo amakukondani, ndipo wokukonda sanena kuti zonse ziwiri sizinamugwire mtima. Amayesa kulota yomwe inuyo mwaikonda, n'kuvotera yomweyo. Ena mwa iwo chiponde amasinja okha kunyumba, sanagulepo cha m'botolo. Palinso vuto la Poll ya pa WhatsApp: aliyense amaona mavoti mmene akuyendera asanavote, amathanso kuona kuti wakutiwakuti wasankha chiyani. Amayi abusa kapena atcheya akangoyamba ndi yoyera, otsatira savuta kulondola mapazi. Pa Facebook n'chimodzimodzi, ndemanga zisanu zoyambirira zimakoka zotsalazo.

Bwerezani kufunsako, koma mwa njira ina. Sankhani anthu amene anakugulanipo chiponde ndi ndalama zawo, muwatumizire aliyense payekha kuti wina asaone yankho la mnzake. Musatumize malebulo ali chigonere monga anachokera kwa wojambula. Matani iliyonse pa botolo lenileni lodzaza chiponde, mujambule onse awiri malo amodzi, kuwala kofanana, mtunda wofanana. Theka la anthuwo alandire chithunzi chomwe yoyera ili kumanzere, theka linalo ili kumanja, chifukwa maso ali ndi chizolowezi chokondera mbali. Ndipo musalembe zoti "iyi ndi yomwe wandijambulira mwana wanga". Mukatero voti yatha isanayambe.

Funso lenilenilo ndi pomwe ambiri timaphonya. "Yokongola ndi iti?" ndi funso la pa chinkhoswe. Munthu akhoza kusirira lebulo yoyera kuti ikuoneka yapamwamba, koma ali m'golosale n'kuilambalala poganiza kuti ndi yodula, kapena osazindikira n'komwe kuti m'botolomo muli chiponde. Funsani chonchi: "Mabotolo awiriwa ali pa shelefu, mtengo ndi umodzi, mungatenge liti? Chifukwa chiyani?" Siyani mpata woti munthu ayankhe kuti palibe lomwe angatenge. Kenako onjezani kafunso kamene ine ndimakakonda kwambiri: "Mukuganiza kuti botolo lililonse likugulitsidwa zingati?" Anthu akamatchula mtengo wokwera pa loyera kuposa womwe mumagulitsa, mwaphunzira chinthu chomwe mavoti 23 aja sakanakuuzani. Chikhoza kukhala chokoma ngati mukulinga masitolo a ku Lilongwe, kapena chowawa ngati ogula anu ndi a pa Chinkhoma amene amayamba kufunsa mtengo asanagwire katundu.

Mayankho a "chifukwa chiyani" muwalembe m'kope monga anenera eni ake. A "zili bho zonse" ndi "Mulungu adalitse bizinesi" alandireni ndi manja awiri, koma musawawerengere. Amene mukusaka ndi onga "malemba a pa yoyerayi sindikuwaona bwino" kapena "yachikasuyi ikufanana ndi ya kampani ina ija". Anthu atatu osadziwana akanena chinthu chimodzi, chimenecho n'choona ngakhale chikupweteka. Wonena zotere musamuyankhe modziteteza. Mukangoyamba kufotokoza chifukwa chomwe munasankhira malemba ang'onoang'ono, ulendo wina adzangoti zili bwino.

Za chithunzi cha mtedzacho, pali nkhani ya ku America yomwe imandibwerera. Kumayambiriro kwa 2009, kampani ya madzi a malalanje ya Tropicana inasintha katoni yake. Inachotsa chithunzi chodziwika cha lalanje lobayidwa kapaipi komwera, n'kuika tambula ya juwisi ndi malemba osalala, zooneka zamakono. Pa miyezi iwiri yokha malonda anatsika ndi pafupifupi 20 pa 100 iliyonse, ndipo kampaniyo inabwerera ku katoni yakale. Ogula ambiri ankaipitirira pa shelefu osaizindikira. Sindikunena kuti yachikasu ndiye yabwino, ayi. Iwo aja anali ndi chizindikiro chomwe anthu anachizolowera zaka zambiri, pomwe inu mukungoyamba. Ndikungoti lebulo imagwira ntchito yake pa masekondi awiri, pakati pa shuga ndi majarini, kwa munthu amene wabereka mwana kumsana. Pa foni munthu amakhala phee, n'kuikuza ndi zala.

Mwayi wanu ndi magolosale atatuwo. Pitani kwa osindikiza ang'onoang'ono a m'tauni akutulutsireni malebulo opitirira 30 a mtundu uliwonse pa pepala lomata, kuti ena atsale odzamata pa mabotolo owonjezera. Imodziimodzi idzakudulirani kuposa ya pa 1,000 paja, komabe ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kukhala ndi mulu wa malebulo omwe sakuyenda. Golosale iliyonse muisiyire mabotolo khumi oyera ndi khumi achikasu, chiponde chophika limodzi, mtengo umodzi, ataima moyandikana. Mupemphe mwini golosale kuti wogula akati "ndipatseni chiponde", amufunse kuti "liti?", asangotola lomwe lili pafupi ndi dzanja lake. Pakatha sabata sinthanitsani malo, lakumanja lipite kumanzere, ndipo mudzazenso kuti akhale ofanana. Mtundu umodzi ukatha inu osadziwa, otsalawo adzagulidwa chifukwa chosowa kuchitira mwina, kuwerengako n'kusokonekera. Yesetsani kuti masabatawo aphatikize kumapeto kwa mwezi komanso pakati pa mwezi, poti wogula wa pa 28 ndi wa pa 15 saganiza mofanana.

Lamulo la ndalama yachitsulo lija ligwiranso ntchito pano. Akagulidwa mabotolo 40, achikasu 28 oyera 12, sindikizani yachikasu ngakhale gulu la pa WhatsApp linakonda inayo. Zikatuluka 22 kwa 18, ndiye kuti ogula anu alibe nazo ntchito kwenikweni, sankhani pa zifukwa zanu: yotsika mtengo posindikiza, komanso yosiya malo okwanira olembapo zosakaniza, kulemera kwake, dzina ndi keyala yanu, ndi tsiku lomwe chiponde chidzathere mphamvu, zomwe a Malawi Bureau of Standards adzafuna kuona mukadzapita kukapempha chiphaso.

Pokatenga ndalama m'magolosalemo, muyang'anitsitsenso mabotolo otsala. Chiponde chimatulutsa mafuta pamwamba, ndipo pang'ono pokha akadontha pa chivundikiro amatsikira pa pepala, fumbi la m'mbali mwa msewu wa M1 n'kukakamira pomwepo. Pa lebulo yachikasu banga lotere limabisika. Pa yoyera muone nokha mmene idzakhalire pakatha masabata awiri, ndipo mukandilembere zomwe mwapeza.