Magetsi akathima muli mkati mwa lipoti la chuma

"Ndine msungichuma wa bungwe lathu lothandizana pa maliro kuno ku Mufakose. Mwezi wamawa ndidzapereka lipoti la chaka mu holo ya tchalitchi, anthu ngati 60, ndipo andipatsa mphindi 20. Mwana wanga wandikonzera masilaidi 16, pulojekita tibwereka. Nanga magetsi akathima ndili mkati ndidzatani? Ndingosindikiza masilaidiwo papepala?"

Ayi mayi, musasindikize onse 16. Mukagawira anthu mapeji ambiri chotero, mitu yonse idzazolikira pansi, wina ali pa peji yomaliza inu mukadali pa yachitatu, ndipo zilembo zomwe zimaoneka bwino pakhoma zidzasanduka tinyerere. Chofunika ndi kukonza lipoti loti likhoza kuyenda ndi pakamwa panu, pepala limodzi m'manja mwa munthu aliyense, ndi pepala lalikulu limodzi pakhoma. Limeneli ndilo likhale lipoti lenileni. Pulojekita ikayaka, ingokhala yowonjezera.

Ife a mu Harare muno sitifunika kuuzidwa. Mu 2019, madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba, madera ambiri ankatha maola 18 pa tsiku opanda magetsi, ndipo kumapeto kwa 2022 zinabweranso. Wina adzakuuzani kuti musadandaule, ali ndi inveta. Mufunseni kuti ndi yayikulu bwanji. Pulojekita wamba ya babu imakoka mawati 200 mpaka 300, ndiye kabatire koyatsira intaneti ya m'nyumba sikangaiyendetse. Laputopu yokha ndi imene idzatsala yoyaka, koma anthu 60 sangaunjikane pa kagalasi kamodzi.

Yambani motere. Tsegulani masilaidiwo mu PowerPoint monga mmene mudzachitire pa tsikulo, kenako dinani B. Galasi lidzada bii. Yankhulani lipoti lonse mokweza, kuyambira malonje mpaka kumapeto, mwana wanu atakhala patsogolo panu ndi cholembera. Paliponse pamene mwanena kuti "monga mukuonera apa" kapena "nambala iyi", kapena pamene mwangoti kakasi, iye alembe. Malo amenewo ndiwo adzakugwetseni magetsi akathima. Mudzapeza kuti si ambiri. Masilaidi a moni, a mayina a akomiti ndi a kuthokoza safuna china chilichonse, mungowanena pakamwa. Ovuta ndi a manambala.

Tiyerekeze kuti mabuku anu ali chonchi. Mamembala alipo 80, aliyense amasonkha madola 5 pa mwezi, ndiye pa chaka munayenera kutolera madola 4,800. Munatolera 4,100. Maliro anagwa 6, pa maliro aliwonse munapereka 500, zonse pamodzi 3,000. Zina ndi zina monga holo ndi mayendedwe zinadya 350. Zatsala 750. Pakhoma manambala amenewa amangokhala phee, munthu n'kumawabwerera ndi maso. M'khutu ndi nkhani ina: mukafika pa nambala yachinayi, yoyamba yauluka kale.

Choncho onsewo apite pa pepala limodzi la A4, mbali imodzi yokha, zilembo za saizi 14 chifukwa agogo ena magalasi amawasiya kunyumba. Mzere uliwonse muupatse nambala yake, 1 mpaka 7 kapena 8. Kanthu kakang'ono aka n'komwe kamalowa m'malo mwa chala cholozera pakhoma. M'malo moti "onani apa", mudzati "tiyeni pa mzere wachitatu", n'kudikira pang'ono mpaka mitu itaweramira pamenepo. Fotokope pangani tsiku lisanafike, pakuti shopu ya fotokope nayonso imadalira magetsi omwewo. Anthu 60 mapepala 40 akwana, awiri akhoza kuonera limodzi, koma poti iyi ndi nkhani ya ndalama, ine ndingakonde aliyense apite nalo kwawo. Zimachepetsa manong'onong'o a pambuyo pa msonkhano.

Pakamwa nenani manambala atatu okha, ndipo muwanene mmene munthu amayankhulira pakhonde. "Pa ndalama zomwe tinayenera kusonkha, madola 700 sanabwere. Madola 700 amenewo ndi maliro amodzi athunthu, n'kutsalako 200." Kenako: "M'thumba mwatsala 750. Maliro awiri akagwa mwezi umodzi, achiwiriwo sitikwanitsa." Apa ndi pamene pagona lipoti lanu lonse. Munthu akaiwala zina zonse koma izi n'kuzigwira, msonkhano watheka. Bwerezani kawiri, musachite manyazi, chifukwa khutu lilibe kobwerera.

Tsopano pepala lalikulu. Ngati pali silaidi ya chithunzi chosonyeza zolowa ndi zotuluka, ijambuleni kunyumba pa pepala la A1, lija la pa bolodi ya miyendo itatu. Musadzajambule pamaso pa anthu, mudzawapatsa msana ndipo mizere idzapotoka. Zilembo zikhale zazitali pafupifupi sentimita imodzi pa mamita awiri aliwonse a mtunda. Ngati benchi yomaliza ili pa mamita 10, zilembo zikhale masentimita 5, ndiye kuti pepalalo lidzangonyamula mizere 6 kapena 7. Lembani ndi cholembera chonenepa chakuda kapena chabuluu. Chofiira ndi chobiriwira zimazimirira m'holo ya mdima. Mukamaliza, limateni pakhoma, yendani mamita 10 ndipo muliwerenge. Tepi yomatira ikhale m'chikwama chanu, chifukwa ku holo simudzaipeza.

Zolemba zanu za m'manja zikhale pa timakadi, kadi imodzi mfundo imodzi, mawu ochepa okukumbutsani, makadiwo atalembedwa manambala kuti akagwa musasokonezeke. Masilaidi muwasungenso ngati PDF n'kuwatumiza pa gulu la WhatsApp dzulo lake. Koma musamange lipoti pa mafoni. Ena alibe bandulo, ena foni idzakhala itafa kale, ndipo magetsi akakhalitsa osabwera netiweki nayo imayamba kuvuta.

Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti chimkuzamawu chimafera limodzi ndi pulojekita. Pemphani a tcheyamani musanayambe kuti anthu akhale mabenchi akutsogolo, osati kumwazikana mpaka kukhomo monga timachitira Lamulungu. Inu mutsike pa guwa, muime pafupi nawo. Wina akafunsa funso, libwerezeni mokweza musanayankhe, apo ayi akumbuyo adzamva yankho lopanda mutu. Makatani amene munatseka kuti chithunzi chioneke atsegulidwe msanga, ndipo pakhale munthu wodziwa kale kuti ntchito imeneyo ndi yake. Kuwala kwa pawindo kugwe pankhope panu ndi pa pepala lalikulu lija. Mukaima windo lili kumsana, anthu adzangoona chithunzithunzi chakuda.

Magetsiwo akathima, malizani chiganizo chomwe munali kunena. Kenako ingonenani kuti "magetsi apita, tiyeni titenge mapepala athu, tili pa mzere wachinayi", basi. Musapepese kambirimbiri, ndiponso musalole anyamata atatu kuyamba kutokosa zingwe kumbuyo kwanu, chifukwa maso onse adzapita kwa iwo. Yesani lipoti la papepalali ndi wotchi kunyumba, lithe pa mphindi 16 kapena 17, poti kuwerenga limodzi mzere ndi mzere kumadya nthawi kuposa kudina silaidi.

Akabweranso muli mkati, musathamangire kuyatsa. Babu ya pulojekita ikazima mwadzidzidzi imakhala ikadali yotentha chifukwa fani yake inaima, ndipo mapulojekita ambiri amakana kuyaka mpaka itazizira kwa mphindi zingapo. Jenereta nayo ikangolizidwa kumene mphamvu yake imakwera n'kutsika, choncho zulani pulagi ya pulojekita mpaka itakhazikika, makamaka poti ndi yobwereka. Inu pitirizani ndi pepala mpaka mumalize gawo la ndalama. Ngati pali zithunzi zoti anthu aone, zionetseni pa nthawi ya mafunso.