Kodi batire likatha, chimene chatha n'chiyani?

"Ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale ina kuno ku Nkhotakota. Ndikamafotokoza karenti, voteji ndi rezisitansi m'Chichewa, zonse ndimangoti mphamvu, ndipo ndimayerekeza ndi madzi a mumtsinje wa Bua. Pamayeso ana ambiri alemba kuti karenti imathera m'babu. Vuto ndi mawuwo kapena fanizolo?"

Aphunzitsi, vuto lili konsekonse, koma lalikulu ndi mawu akuti mphamvu. Mawu amenewa tawasenzetsa katundu wochuluka zedi masiku ano. Mphamvu za boma, mphamvu ya mankhwala, mphamvu ya dzuwa, ndiye pano zinthu zitatu zosiyana m'waya umodzi nazonso mphamvu. Mwana akamva dzina limodzi amaona chinthu chimodzi, ndipo simungamudzudzule.

Pali mawu enanso amene anawo amabwera nawo kuchokera kunyumba: moto. Timati foni yatha moto, batire lilibe moto, magetsi azima. Ngakhale mawu akuti magetsi, ine ndimakhulupirira kuti anabwera ndi makolo athu amene ankapita ku Joni ndi ku Harare. Azulu amati ugesi, kuchokera ku gasi amene ankayatsira nyale m'mizinda kusanabwere mawaya. Ndiye chiyambire pachiyambi, chiyankhulo chathu chimaona magetsi ngati chinthu choyaka, chonyeka n'kutha ngati nkhuni. Pamsika palibe cholakwika pamenepo, inenso ndimatero. Koma m'kalasi mukaphatikizapo mtsinje wa Bua, umene umachokera kumtunda n'kukathera m'nyanja osabwereranso, mwatsimikizira mwanayo kuti karenti imachoka m'batire, n'kukafera m'babu.

Malangizo anga ndi akale, ndipo ndimawabwereza kulikonse: lekani kusaka mayina, gwiritsani ntchito aneni. Chichewa chuma chake chili m'aneni. Mayina obwerekawo asiyeni, ana adzawapeza pamayeso, koma lililonse likhale ndi mneni wakewake. Voteji imakankha. Karenti imayenda mozungulira. Rezisitansi imakaniza. Komanso samalani timawu ta malo, chifukwa apa Chichewa chimalongosola bwino kwambiri. Karenti imayenda m'waya, pamene voteji imakhala pakati pa malo awiri. Ndikamamva munthu wophunzira akunena kuti voteji ikudutsa m'waya, mutu umandiwawa. Voteji siyenda ayi. Mbalame yotera pa waya umodzi wa ESCOM siifa chifukwa mapazi ake onse ali pamalo amodzi, palibe kusiyana kokankha karenti kuti idutse m'thupi mwake.

Fanizo limene limagwirizana ndi aneni amenewa lili panja pa kalasi yanu pomwepo. Bwerekani njinga, muigadabuze, ana aizungulire. Tcheni ndi chozungulira, chilibe poyambira kapena pothera, ndipo mfundo zake zili kale ponseponse musanapalase. Umu ndi mmene alili maelekitironi m'waya: batire siliwathira, limangowakankha. Ikani kadontho ka choko pa mfundo imodzi, mupukuse pedulo pang'onopang'ono. Gudumu lakumbuyo liyamba kuzungulira nthawi yomweyo, kadonthoko kasanafike n'komwe. N'chifukwa chake babu limayaka mukangodina switchi, ngakhale maelekitironi enieniwo amakwawa, kawirikawiri osakwanitsa milimita imodzi pa sekondi.

Tsopano mwana mmodzi awerenge mfundo zodutsa pamwamba, wina awerenge zobwerera m'munsi. Apeza chiwerengero chimodzi. Imeneyo ndiyo karenti, ndipo gudumu silidya mfundo ngakhale imodzi. Kenako wina agwire buleki yakumbuyo pang'ono, inu muzikankhabe pedulo monga poyamba. Tcheni chonse chichepetsa liwiro, pamwamba ndi pansi pomwe. Bulekiyo ndi rezisitansi, ndipo akakhudza mphira wake aumva kufunda. Ali chigwirire buleki, auzeni ayang'ane tcheni: cham'munsi chakungika, chapamwamba chalendewera. Kusiyana kwa kukungika kumeneko ndiye voteji, ndipo simungakuloze pamalo amodzi popanda kuyerekeza ndi pena. Nanga chimatha n'chiyani? Wopalasa ndiye amatopa. Mawu akuti mphamvu asungireni pamenepo pokha, pa chimene chimachoka m'batire n'kusanduka kuwala ndi kutentha m'babu.

Fanizo lisakhale lokha, mita iikire umboni. Tengani batire la sola la mavoluti 12 ndi babu la kawaya konyeka mkati, limene likayaka rezisitansi yake ndi maomu 24. Lamulo la Ohm likuti V = I × R, ndiye karenti ndi 12 kugawa ndi 24, kutanthauza maampu 0.5. Ikani mita pa A, muilumikize mumzere womwewo pakati pa batire ndi babu, muwerenge 0.5. Ichotseni, muilumikize kuwaya wobwerera kubatire. Muwerenganso 0.5. Ana anene okha zimene akuyembekezera musanawaonetse, chifukwa amene ali ndi maganizo a mtsinje adzati yachiwiriyo ichepa kapena ikhala ziro, ndipo mudzawadziwira pomwepo.

Kenako onjezerani babu lina lofanana nalo, motsatizana mumzere umodzi. Papepala maomu akhala 48, karenti itsika kufika 0.25 ponseponse, ndipo mita ikakhala pa V, nsonga zake zitagunda mbali ziwiri za babu lililonse, ionetsa mavoluti 6. Mababu onse awiri awala mofooka chimodzimodzi. Mwana wa mtsinje uja amayembekeza kuti loyamba liwala kwambiri poti lamwa kaye. Asinthanitseni malo aone kuti palibe chosintha. Dziwani kuti mita idzaonetsa karenti yoposa 0.25, chifukwa kawaya ka m'babu kakapanda kutentha kwambiri sikakaniza kwambiri. Ndipo musagwiritse ntchito mababu a LED pa phunziro ili, satsatira kuwerengera kosavutaku.

Njinga nayo ili ndi pomwe imanamiza, ndipo muwauze anawo tsiku lomwelo, asadzazindikire okha mokhota. Msampha waukulu ndi kuduka. Tcheni chikaduka, mapedulo amazungulira mopepuka, ndiye mwana angaganize kuti waya ukaduka batire limagwira ntchito mothamanga. N'zosemphana. Waya woduka, kapena switchi yozimitsa, zikufanana ndi tcheni chimene chagwidwa n'kuima nji: phazi likukankhabe, voteji ilipo, koma palibe choyenda. Kupalasa kopanda chokaniza chilichonse, mapedulo akungothamanga, ndiye shoti, pamene waya walumikiza mbali ziwiri za batire mwachidule. Apo karenti imakwera koopsa, waya amatentha, fyuzi imapsa. Mita ikakhala pa A musaigunditse mbali ziwiri za batire, mwapanga shoti yomweyo.

Penanso n'pakuti tcheni sichichita nthambi, choncho mukafika pa mababu olumikizidwa aliyense njira yake, monga m'nyumba, njingayo ibwezeni kwa mwini wake, muzijambula ndi kuyeza basi. Magetsi a m'nyumbawo, a mavoluti 230, karenti yake simazungulira mbali imodzi koma imapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi. Amenewo ana asawayese ndi manja, batire la mavoluti 12 likukwanira.

Za mawu akuti moto, sindikuti muwaletse. Mwana akati batire latha moto, muvomereni, kenako mumufunse kuti chathacho n'chiyani, nanga chimene mita inawerenga 0.5 mbali zonse ziwiri n'chiyani. Akayankha kuti chatha ndi mphamvu ya m'batire, ndipo karenti yaima chifukwa palibenso choikankha, Chichewa chake n'cholondola, sayansi yakenso n'njolondola.