Tiziphuphu ta m'mutu, ndi makapisozi a pa golosale

"Ndatuluka tiziphuphu towawa m'mutu, tina tili ndi mafinya. Kugona chagada sindikutha. Mnzanga akuti ndingogula makapisozi pa golosale. Ndigule?"

Achimwene, mwandikumbutsa chaka chomwe ndinkavala chipewa mu Okutobala, thukuta lili kamukamu. Ndinkameta mpala Loweruka lililonse. Wometa uja ankangopukuta makina ndi kaburashi, n'kumaliza ndi lezala pankhongo. Pofika Lolemba pankhongo ponse panali timatuza, kalikonse katsitsi kali pakati, nsonga yake yoyera. Pilo ankadzuka ali ndi timadontho ta magazi.

Katsitsi kali pakatiko ndiye chizindikiro. Chomwe chatupa ndi kadzenje momwe tsitsi limamera, ndipo achipatala amati folikulaitisi. Lezala imakanda khungu, kachilombo kotchedwa sitafilokokasi, komwe ambirife timayenda nako pakhungu ndi m'mphuno, n'kulowa. Thukuta, chipewa ndi mafuta okhuthala zimangokolezera. Enanso ndi tsitsi lawo lomwe: likametedwa mpaka pakhungu, limapindika pomera n'kubaya mwini wake.

Ine ndinachita zomwe mnzanuyo akunena. Ndinamwa makapisozi a maantibayotiki otchedwa amokisisilini masiku atatu, osasintha kanthu, chifukwa sitafilokokasi wambiri samva mankhwala amenewa. Ndiye ndinayamba kufinya. Mayi anga, Mulungu awause mtendere, ankandimenya dzanja ndikamafinya chithupsa ndili mwana, ndipo ankadziwa chomwe ankachita. Kamodzi kanakula ngati dzira la nkhunda, ndinakathera kuchipatala kukachekedwa. Pena ndimati ogulitsa makapisozi awiriawiri pambali pa sopo ndi machesi akanaletsedwa kalekale. Za ometa osatsuka makina, tidzakambirane tsiku lina, ndingapse mtima.

Tsono maantibayotiki afunika liti?

Ngati tili tating'ono komanso tochepa, musagule. Siyani kumeta kaye, vulani chipewa, sambani m'mutu tsiku lililonse, ndipo muzithowa ndi kansalu koviika m'madzi ofunda kwa mphindi 10, katatu patsiku. Nthawi zambiri timauma pasanathe masiku 10. Tikamayabwa kwambiri pamodzi ndi mfundu, mwina ndi fangasi, ndipo pamenepo maantibayotiki sagwira ntchito, chofunika ndi shampu ya ketokonazo.

Pitani kuchipatala kutupa kukamafalikira, mukamamva malungo, mukatuluka mwanabere pakhosi, tsitsi likamasosoka, kapena milungu iwiri ikatha osasintha. Odwala shuga kapena amene ali ndi kachilombo ka Edzi asadikire n'komwe. Kumeneko adzaona ngati mukufunika odzola chabe kapena akumwa monga kulokisasilini, ndipo mudzamwe monga akuuzirani. Tikamauma n'kusiya timabampu tolimba pankhongo, musachedwenso, chifukwa pamenepo pakachita chipsera tsitsi silimeranso.