Kalata yopempha chiwerengero cha anthu: mukufuna nambala iti kwenikweni?

"Zikomo akulu. Ndine wophunzira wa chaka chomaliza ku yunivesite. Aphunzitsi andiuza ndilembere ofesi ya bwanamkubwa kupempha chiwerengero chatsopano chovomerezeka cha anthu ndi kukula kwa boma lomwe ndikuchitamo kafukufuku. Ndilembe bwanji kuti andiyankhe?"

Funso lanuli landikumbutsa kale, achimwene. Nane ndili pasukulu ndinatumidwa zomwezi. Kalata ndinakasiya ndekha, mayi wolandira makalata anaidinda, kenako anandilozera chitseko cha a zamapulani. Bambo amene ndinawapeza anatsitsa m'kabati buku lofotokoza za bomalo, chikuto chake chothetheka, nandiwerengera nambala. Pobwerera ndinadzera ku ofesi ya zaumoyo, ndipo pakhoma panali pepala lokhala ndi nambala ina, yokulirapo. Nditafunsa, anandiuza kuti iwo amatsata kawerengedwe ka alangizi awo a m'midzi pokonzekera katemera. Palibe anandinamiza. Aliyense ankayankha funso lake, koma aphunzitsi atandifunsa kuti "nambalayi ndi ya chaka chiti, anawerenga ndani?" m'pamene ndinaona kuti ntchito ikadalipo.

Ndinene mosapsatira: mawu akuti "chatsopano" ndi akuti "chovomerezeka" kawirikawiri amaloza nambala ziwiri zosiyana. Ofesi ya bwanamkubwa siwerenga anthu. Owerenga ndi a National Statistical Office ku Zomba, pa kalembera amene amachitika pakapita zaka pafupifupi khumi: 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Wa 2018 anapeza anthu 17,563,749. Nambala ya dziko lonse imene mungapatsidwe ya chaka chapambuyo pake ndi yongoyerekeza, yowerengetsera kuchokera pa kalemberayo poona kubadwa, imfa ndi kusamuka kwa anthu. Si yabodza ayi, koma mukaiika m'pepala lanu ngati kuti anthu anachita kuwerengedwa khomo ndi khomo, wokuyesani wakupezererani. Zimandinyansanso kuona ophunzira, ngakhale atolankhani ena, akungolemba kuti "malinga ndi boma". Boma lake liti, lipoti lake liti?

Palinso msampha wa mizinda. Kalembera amasiyanitsa mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba ndi madera ozungulira. Tengani Blantyre mu 2018: mzinda unali ndi anthu 800,264, pomwe madera a kunja kwa mzinda anali ndi 451,220. Mukaphatikiza mukupeza 1,251,484. Ndiye wina akalemba kuti "anthu a ku Blantyre", nambala zitatu zonsezi zikhoza kukhala yankho. Khonsolo ya boma ikupatsani yachiwiriyo, chifukwa mzinda uli ndi khonsolo yakeyake. Mukagawa 451,220 ndi kukula kwa boma lonse, mzinda uli momwemo, mupeza kuti anthu ngotalikirana kuposa mmene zilili. Ndipo ngati mukuyerekeza zaka zakale ndi zatsopano, yang'anani malire. Neno inali mbali ya Mwanza, Likoma inali pansi pa Nkhata Bay. Mukapanda kudziwa izi mudzalemba kuti anthu anachepa, pomwe boma linangogawidwa.

Za kukula kwa malo

Apa funso ndi limodzi: madzi ali momwemo kapena ayi? Malawi yense ndi masikweya kilomita 118,484, koma mtunda wokha ndi opitirira 94,000 pang'ono. Kalembera wa 2018 anati pa sikweya kilomita iliyonse pali anthu 186, ndipo anagawa ndi mtunda wokha. Mukagawa ndi 118,484 mupeza 148. Dziko lomwelo, chaka chomwecho. Ku maboma a m'mbali mwa nyanja, ngati Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, musalandire nambala musanafunse zimenezi.

Tsono kalatayo ikhale ya tsamba limodzi, yopita kwa Bwanamkubwa, ndipo mutchule kuti ikafike kwa mkulu wa zamapulani ndi chitukuko. Dzitchuleni dzina, sukulu, maphunziro ndi mutu wa kafukufuku, ndipo muphatikizepo kalata yodindidwa ya ku dipatimenti kwanu. Pakati pake palembedwe motere: "Ndikupempha chiwerengero cha anthu a m'boma lino malinga ndi kalembera wa 2018, amuna ndi akazi, pa mfumu yaikulu iliyonse, chiwerengero choyerekeza cha chaka chino ngati chilipo, komanso kukula kwa boma m'masikweya kilomita, mondiuza ngati madzi ali momwemo. Chonde nditchulireni lipoti ndi chaka cha nambala iliyonse." Ikani foni yanu ndi tsiku limene mukufunira yankho, jambulitsani kalatayo, ndipo kope lanu alidinde tsiku lolandirira. Musanapite, tsitsani lipoti la kalembera wa 2018 pa intaneti, kuti nambala imene akupatseni mukaiyerekeze pomwepo iwo akadali pampando.